Zala za a Sundaramma

A Sundaramma anakhala m'nyumba ya amuna awo, a Ramavadhani, zaka makumi anayi ndi ziwiri, m'mudzi wa ansembe m'mbali mwa mtsinje wa Godavari. Anthu ankawadziwa ngati mkazi wophika mpunga ndi kukolopa khonde, basi. Anaiwala kuti anabadwira kwa mphunzitsi wa Chisansikiriti, chilankhulo chakale cha mapemphero, amene analibe mwana wamwamuna, ndipo anaphunzitsa mwana wake wamkaziyo kuwerenga maphatikizo a nyimbo zamapemphero pa mfundo za zala. Atakwatiwa, luso lija analisunga ngati nsalu yosavala.

Mwana anali mmodzi, Bhaskara. Bambo ake ankafuna kuti adzakhale wansembe ngati iwo, koma iye anameta tsumba lake launsembe, nkupita ku Vijayawada kukakonza mabasi, nkukwatira mtsikana wa mtundu wina. Mtsikanayo ndi wa kubanja kwathu, ndipo aliyense wonena kuti anali wosayenera sanadyepo chakudya chake. Komabe a Ramavadhani anatseka chipata. Zaka khumi ndi chimodzi dzina la Bhaskara silinatchulidwe m'nyumbamo.

A Ramavadhani anamwalira m'mawa wa Lachiwiri. Pofika masana mtembo unali utagonekedwa pakhonde, mutu kummwera, nyale ikuyaka pambali. Unayenera kuwotchedwa dzuwa lisanalowe, ndipo woyatsa nkhuni ndi mwana wamwamuna wa malemu. Bhaskara anali atafika, koma anaima kunja kwa chipata, nsapato zili m'manja.

A Sundaramma anakhala pansi atatsamira mzati. Sanalire. Ankayang'ana nyerere zikukoka kambewu ka mpunga, ndipo zonse zolankhulidwa zinkawafika ngati zochokera kutsidya kwa mtsinje.

A Narasimha, mng'ono wa malemu, anatulukira ndi kope lachikuto chofiira. Mmenemo achimwene awo ankalemba nyimbo zawozawo zotamanda mulungu wamkazi, Mayi wa Dziko Lonse, ndipo yotsiriza anailemba masiku atatu asanamwalire. Monga ankalembera akale, mawu onse anali olumikizana, popanda mpata:

aparadhisutoyamtenatyajyojagadambike

"A Kutumbayya, tamverani nokha," anatero a Narasimha kwa nkhalamba yoyendetsa mwambo wa maliro. "Aparadhi suto yam, mwana uyu ndi wolakwa. Tena tyajyo, choncho atayidwe. Jagadambike, inu Mayi wa Dziko. Munthu walemba yekha ndi dzanja lake. Moto ndiyatsa ine."

A Kutumbayya anasuzumira m'kopemo, maso awo ali ndi ng'ala. "Ine zanga ndi za maliro, mwana wanga. Za ndakatulo ndinazisiya kwa malemuwa. Ngati ndi mmene alembera, chabwino. Koma fulumirani, dzuwa silidikira munthu."

Chala chachikulu cha a Sundaramma chinayamba kuyenda chokha pa mfundo za zala, monga chinkachitira kukhitchini amuna awo akamaimba. Chinafika pa phatikizo lachisanu ndi chiwiri pamene a Narasimha anapumira, nkuima m'malere, chikusowa poponda.

"Mlamu, bwerezani," anatero, mawu ali pansipansi.

"Inu alamu, pumani. Izi si za akazi."

"Bwerezani. Mwapuma msanga."

Azimayi amene anali pakhomo anasiya kunong'onezana. A Narasimha anaseka pang'ono. "Tsopano tiphunzira Chisansikiriti kwa mwini mapoto?"

"Mapoto omwewo mwadyamo zaka makumi anayi osafunsa kuti mwini wake anaphunzira kuti. Nyimboyi ili pa muyeso wanji?"

"Anushtubhu. Nanga achimwene ankalembanso pa wina?"

"Ndiye phazi lililonse, kapena kuti mzere, lili ndi maphatikizo asanu ndi atatu. Tambasulani dzanja."

Sanadzuke. Anangokweza dzanja lawo, zibangiri zimene zinali zoti zivulidwe pa tsiku lakhumi la maliro zikulira, nkuyamba kuwerenga mokweza. "A, pa, ra, dhi, su, to, yam. Asanu ndi awiri. Inu mwapumira apa. Lachisanu ndi chitatu lili kuti? Ndi te. Phazi loyamba likuthera pa te. Lachiwiri likuyamba ndi na: na, tya, jyo, ja, ga, dam, bi, ke. Asanu ndi atatu."

"Tena ndi liwu limodzi," anatero a Narasimha.

"Liwu limodzi silikhala mwendo wina phazi ili, wina phazi lina. Achimwene anu anakumenyani ndi ndodo kangati chifukwa cha zimenezi?"

A Kutumbayya anakhosomola, koma kunali kuseka.

"Mwina anasokoneza," anatero a Narasimha. "Munthu anali akudwala. Asanu ndi awiri uku, asanu ndi anayi uko."

"Ndiye tiyese kulemera kwa maphatikizowo: lofulumira pakamwa ndi lopepuka, lokoka ndi lolemera. Pa phazi lachiwiri, lachisanu liyenera kukhala lopepuka, lachisanu ndi chimodzi lolemera, lachisanu ndi chiwiri lopepuka. Mukayambira pa na: ga lopepuka, dam lolemera, bi lopepuka. Zakhala. Mukayambira pa te monga mukufunira inu, lachisanu ndi chimodzi ndi ga, lopepuka. Zagwa. Phazi loyamba nalonso: su lopepuka, to ndi yam olemera, monga mwa lamulo, nkudikira te kuti litseke. Munthu wosokonezeka sakhoza zonsezi nkulakwa malo amodzi okhawo amene akukomerani inuyo."

Pamenepo a Kutumbayya nawo anali akuwerenga pa zala zawo zouma, milomo ikugwedezeka. Anabwereza kawiri. "Te payekha, na payekha," anatero. "Te ndiye wanu, na ndiye ayi. Mwana wanu uyu ndi wolakwa. Asatayidwe, inu Mayi wa Dziko. Ndi mmene zilili, Narasimha."

A Narasimha anatseka kope. Nkhope yawo inagwa, pakuti nawonso anali atataya mbale wawo m'mawa womwewo. Anayesa kotsiriza: "Akuti mwana wanu, wa Mayiyo. Oimba onse amadzitcha ana a Mayi. Mwina ankanena za iwo eni, osati za uyo ali kuchipatayo."

"Mwina," anatero a Sundaramma. "Zala sizinena kuti mwanayo ndani. Koma mwabwera ndi kope kudzathamangitsa munthu, ndipo m'kopemo mulibe wothamangitsidwa."

A Kutumbayya anayang'ana mthunzi wa mgwalangwa pabwalo, nkukodola Bhaskara. "Iwe wamabasi, siya nsapatozo, kasambe pachitsime. Ulusi wako wopatulika waunsembe ukadali nawo?"

"Ndili nawo, agogo."

"Ndiye changu."

Bhaskara analowa, madzi akudontha m'nsalu yake. Anagwada nkugwira mapazi a mayi ake. "Amayi," anatero. A Sundaramma anaona kuti m'mutu mwake mwayamba imvi. Anadikira kuti mumtima muchitike kanthu, koma munali zii ngati m'chitsime chouma. Anangomuuza kuti, "Mphika wa moto uugwire bwino, chingwe chake nchakale."

Amuna ananyamula chithatha, Bhaskara ali patsogolo ndi mphika wofuka utsi, a Narasimha atasenza ngodya imodzi. Akazi anatsalira pachipata. A Sundaramma anabwerera pamzati paja. Kope linali litasiyidwa pansi, ndipo sanalitsegule. Sanadziwe ngati amuna awo anakhululukadi, ndipo mpaka lero, adzukulu athu akamawafunsa, amangoti maphatikizo anali asanu ndi atatu.

Azimayi anayamba kuthira madzi pakhonde pamene panagona mtembo. Wina anapempha a Sundaramma kuti asunthe pang'ono. Anasuntha.