Nyenyezi Imodzi ya Alamu Anga

Alamu anga, achemwali awo a malemu amuna anga, ankakonza zipinda za m'mwamba pa loji imene ine ndimasitapo nsalu. Anzathu ankawatchula kuti Kamvuluvulu, chifukwa akalowa m'chipinda unkangomva zitseko kulira, kenako m'chipindamo mwayera. Ndi amene anandipezera ntchito maliro atatha. Kunyumba ali ndi ana ndi mwamuna wodwala msana, ndipo pakamwa pawo palibe chotsekera.

Mlendo akachoka pa loji pathu amalandira uthenga pafoni womupempha kuti apereke nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, n'kulembanso ndemanga. Zisanu ndiye kuti wasangalala, imodzi ndiye kuti wanyansidwa. Lolemba lililonse amanijala amatiimika m'kanjira ka kuseri, pakati pa mabasiketi a zochapa, n'kumawerenga nambala ya chipinda ndi nyenyezi zake. Ndemanga sawerenga, akuti n'zotaya nthawi. Chipinda chako chikapeza nyenyezi imodzi, ndi chenjezo. Chenjezo lachitatu ndi chipata, ntchito yatha.

Alamu anali nawo kale awiri, lina chifukwa cha phokoso la pampu, lina chifukwa cha intaneti. Sakonza pampu, sakonza intaneti, koma anasaina.

Lolemba limenelo amanijala anawerenga chipinda cha pakona. Nyenyezi imodzi.

"Cha adala a ndodo aja?" anafunsa alamu. "Amene ndinawasokera batani? Bwana, tawerengani zimene alemba."

"Mayi, nyenyezi sinama."

"Ndiye mukuopa chiyani? Werengani, timve tonse mmene ndawalakwira."

Amanijala anawerenga mothamanga, ngati akumeza mankhwala. Adalawo analemba kuti sanagonepo m'chipinda chaukhondo chotere, kuti mayi wokonzamo anawasamala ngati bambo ake, ndipo adzabweranso. Panalibe dandaulo ngakhale limodzi.

"Munthu wokwiya amalemba choncho?" anatero alamu. "Chala chinaterereka, kapena ankayesa kuti imodzi ndiye yapamwamba. Afunseni."

"Ine sindingasinthe nyenyezi. Amasintha ndi mwini wake."

"Ndiye muimbireni mwini wakeyo. Mlendo akaiwala kulipira botolo la madzi mumamuimbira, foni imagwira bwinobwino."

Wina anaseka kumbuyo. Ndikuganiza kuti kusekako n'kumene kunawononga zinthu. Nkhope ya amanijala inauma, ndipo anayamba kufufuza pafoni pawo.

"Chabwino, mayi. Mukufuna mawu? Nawa mawu."

Anapeza ndemanga ya mlendo wina wa mwezi wathawo. Nyenyezi zisanu. Koma pansi pake analemba kuti mayi wokonza amagogoda m'mamawa ngati wapolisi, ndipo anamukalipira chifukwa chopukutira nsapato ndi thaulo. Anamaliza ndi kunena kuti wapereka zisanu poopa kuchotsetsa munthu ntchito.

Sindikana, mlendoyo sananame. Alamu amagogodadi choncho, ngakhale pakhomo panga. Pamenepo nyenyezi zinali zachifundo, mawu ndiwo ananena zoona. Kwa adala aja mawu ananenanso zoona, nyenyezi ndiyo inalakwika. Munthu wachilungamo akanawerenga mawu konsekonse, n'kufufuta chenjezo la adala, ndi awiri akale aja, kenako n'kuwadzudzula alamu pa nkhani ya thaulo. Akanatsala ndi chenjezo limodzi, loyenera.

"Sankhani chimodzi, bwana," anatero alamu. "Ngati n'nyenyezi, uyu wandipatsa zisanu. Ngati n'mawu, adala andiyamikira."

"Kwa adala ndikuwerenga nyenyezi. Kwa uyu ndikuwerenga mawu. Siyani makiyi kwa alonda."

Ine ndinali pomwepo, nditanyamula mapilo. Ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Bwana, si chilungamo," koma zinatuluka motsitsa moti anamva ndi mapilo okha. Alamu anavula epuloni, anaipinda bwinobwino monga ankapindira chilichonse, n'kuiika pa nsapato za amanijala.

"Mupukutire," anatero.

Pano amachapira anthu zovala m'makomo, manja anasweka ndi sopo. Saleka kuseka. Amati kumeneko akafuna kukunyoza amakunyoza pamaso, osati ndi nyenyezi.

Patapita milungu ingapo adala aja anabweradi. Anafunsa za mayi wa batani, ndipo mtsikana wa pakauntala anawauza zonse. Anakhala pampando nthawi yaitali akulimbana ndi foni, mpaka nyenyezi zinakhala zisanu. Anapempha kuti alamu abwezeredwe ntchito. Amanijala anawayankha mwaulemu kuti malo anadzaza kale.

Ndemanga ya adala ija amanijala anaisindikiza, anaiika mu felemu, n'kuipachika polandirira alendo. Tsopano mawu ndi nyenyezi zikugwirizana. Amene anatumidwa kuti azipukuta galasi lake m'mawa uliwonse ndine.