Kubwerera pa Wani

Kuchipatala ndimawerenga mapumidwe a odwala tsiku lililonse, diso lili pa wotchi. Ndiye mnzanga atandikokera ku kalasi yophunzitsa kukhazika maganizo pansi kudera la Lewisham, ndinkaona ngati n'zachibwana.

Mphunzitsi wake, mayi wolankhula motsitsa, anati: "Khalani chete, muzipuma mmene mumapumira. Mukatulutsa mpweya, werengani chamumtima, wani mpaka teni, kenako muyambirenso. Maganizo akachoka, bwererani pa wani."

Ndinatsinzina. Pofika pa folo ndinali nditayamba kukangana mumtima ndi bwana amene anandisinthira shifiti osandifunsa. Ndinayambiranso, n'kudzapezeka ndili pa sikisitini, dzanja likufunafuna tchati cha wodwala. Mtima unawira. Ndavutika kukwera basi pamvula yonseyi kudzalephera kufika pa teni?

Nditadandaula, mayiwo anamwetulira, ine ndiye kupsa mtima zenizeni. Anati: "Ubongo unazolowera kuganiza. Mpweya suukopa, ndiye ukapeza mpata umathamangira nkhani zosatha. Kuzindikira kuti mwachoka n'kubwerera, phunziro lake ndi lomwelo."

Ndinatuluka ndili chikwiyire. Zaka zonsezi ndawerengera anthu osawadziwa mpweya osaphonya, koma wangawu ndimautaya pa folo.