Dzino Limene Linakana Kuyera

Ndivomere uchitsiru wanga: ndinkakhulupirira kuti mano ali ngati malaya, ukawanyika m'mankhwala amayera onse pamodzi.

Zinachitika Kamuzu atakalamba kale, ine ndikulondera fakitale ku Makata. Tiyi wa zaka makumi atatu ndi fodya wopichira zinandisiyira mano ofiirira. Ukwati wa mwana wanga wamkazi unali pafupi, ndiye ndinati pachithunzi nane ndisekeko. Mnzanga wa ku Chitawira, telala wachisilamu, anandiuza za perokosaidi, madzi a m'botolo otsukira zilonda aja. Ndinagula kufamase, n'kumanyowetsa thonje, n'kumaliika pamano m'mawa ndi madzulo. Thovu likatuluka ndinkati eya, litsiro lija likuthawa.

Koma ndinali ndi chinsinsi. Dzino limodzi lakutsogolo linali loikirira. Lenilenilo linathyoledwa ku Bulawayo ndi mwamuna wa mayi wina, ine n'tatomera kale akazi anga kuno. Dokotala wa uko anamata lina lofanana ndi anzake, lomwe popita zaka linathimbirira nawo limodzi, ndipo kunyumba sindinanenepo kanthu.

Patatha masabata atatu, mphepo ya chiperoni ikangondilowa m'kamwa ndinkalumpha ngati ndaponda waya wamagetsi. Tiyi ndinkamwa atapola. Nkhama zinatuwa n'kumawawa. Ndinakakhala pamzere kuchipatala mpaka masana.

"Bambo, mwakhala mukudya chiyani?" anafunsa dokotala wa mano.

Ndinatulutsa botolo lija. Iwo anapumira m'mwamba.

Anati mankhwalawo sapala dzino ayi. Amalowerera chikamba cholimba chakunja, n'kukaphwanya utoto umene unakhazikika m'kati. Koma m'katimo muli timipata ting'onoting'ono topita kumtsempha, ndiye mtsemphawo ukanyansidwa, chozizira chilichonse chimabaya.

"Mukasiya, ululu utha m'masiku ochepa. Koma kuti mbee ngati pepala, iwalani. Amangowalako pang'ono, ndipo tiyi wanuyo adzawabweza. Nanga ili loikirirali? Ili n'ladothi ngati mbale, bambo. Mankhwala salowamo."

Anandipatsa kalilole. Mano enawo anali atawaladi pang'ono chabe, koma pang'onopo panakwana. Pakati pawo panaima limodzi lachikasu ngati mgaiwa pakati pa ufa woyera. Wina aliyense akanaliona.

Ndinakwera chitunda cha Ndirande wapansi, dzanja kukamwa, ndikupeka bodza. Njinga? Chitseko cha fakitale? Pofika pakhomo ndinali nditatopa nawo mabodza onsewo. Titatha kudya ndinangoyasama pamaso pa akazi anga.

"Amayi, taonani. Dzino ili si langa. Ku Bulawayo kuja..."

Sanasiye n'komwe kusoka diresi la mwana.

"Mlongo wanu anandiuza tisanakwatirane, ndi dzina la mayiyo lomwe. Ndadikira zaka zonsezi kuti munene nokha, mpaka lakunenerani ndi dzino. Paukwati mutseke pakamwa, ndipo botololo mundipatse ndizitsukira zilonda za adzukulu."