Zolembedwa pa Mjigo

Chaka chomwe ndinkaphunzitsa Sitandade 2 kufupi ndi Njuli, ndinajambula mabwalo awiri pansi pa mtengo wa mango, lina la zamoyo, lina la zopanda moyo. Ana anabweretsa zomwe anatola. Nkhono ndi mbande ya tomato zinalowa kwa zamoyo, mwala ndi msomali kwinako. Zonse zinkayenda bwino mpaka mtsikana wina anaika botolo la madzi pambali pa nkhono.

"Iwe, chotsa msanga!" ndinakalipa, poti dzuwa linali litanditopetsa.

"Koma madamu, pa mjigo analemba kuti madzi ndi moyo."

Mawuwo ndinkawaona m'mawa uliwonse potunga madzi.

Ndinafunsa ngati madzi amadya, amapuma kapena kubereka. Anzake anakana, koma iye sanakhutire. Choncho tinatenga matini awiri. M'lina tinathira madzi okha, m'linalo dothi lonyowa ndi njere za nandolo. Patatha sabata ndi masiku angapo nandolo anamera, pomwe madzi aja anangophwera.

Titajambulanso mabwalo, mtsikanayo anaika yekha botolo pambali pa mwala.

"Ndamva tsopano, madamu," anatero. "Madzi alibe moyo, koma amapatsa anzawo."