Nkhope ya Achemwali Pabotolo

Achemwali anga amachapira anthu zovala, ndipo manja awo ngokhakhala moti akakusisita tsaya umadzuka. Anayamba ntchitoyi amuna awo atawathawa. Pafoni amadziwika kuti Mayi Thovu, chifukwa amatsamiritsa foni pa ndowa n'kumajambula mmene amachotsera girisi pa ovolosi kapena inki pa malaya a sukulu. Owatsatira si ambiri, zikwi zochepa chabe, koma ndi azimayi oti achemwali akanena kuti sopo uyu ngwabodza, mawa lake sagulidwa.

Amuna anga nawo amapanga sopo wamadzi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, modzaza zigubu ndi fungo loyabwa m'mphuno. Malonda atavuta, anaitana achemwali kuti awatsatsire.

"Alamu, sopo muzitenga waulere mwezi uliwonse," anatero amuna anga. "Ndi zapachibale izi."

"Ana anga sadya sopo," anayankha achemwali. "Ndipo intaneti ya pafoniyi sindigula ndi chibale."

Ine ndinkathira tiyi, manyazi atandigwira, koma mumtima ndinkaseka. Anakangana mpaka tiyi kuzizira, kenako anamvana. Achemwali ayambe amuyesa sopoyo pa zovala zenizeni. Akawasangalatsa, ajambule mavidiyo awiri, ndalama theka alandiriretu, theka akamaliza. Wogula aliyense wotchula mawu akuti Thovu poitanitsa amutsitsire mtengo pang'ono, achemwali n'kupatsidwa kagawo pa botolo limenelo. Mavidiyowo akhale patsamba la achemwali lokha, ndipo iwo ananenetsa kuti adzauza owatsatira poyera kuti alipidwa. Apa amuna anga anakwinya nkhope, koma anavomera.

Zinayenda, sindinama. Foni ya amuna anga inkangolira, ndipo analipira zonse osanyinyirika. Vuto la amuna anga n'loti zinthu zikawayendera, mutu umakula. Anadula chithunzi cha achemwali mu vidiyo ija, akumwetulira thovu lili m'zigongono, n'kukasindikiza pa mapepala omata pa mabotolo. Pansi pake analembetsa kuti sopoyu amachotsa dontho lililonse. Mabotolowo anathiramo sopo watsopano, wosakaniza ndi mankhwala ena otchipa, amene achemwali anali asanamukhudze n'komwe. Ndinawachenjeza, iwo akuti nkhani za bizinesi ndiwasiyire.

Achemwali anamvera kwa mayi wina wowatsatira, amene anagula botolo loyamba n'kuwatumizira chithunzi cha bulauzi yosuluka. Achemwaliwo anafika kwathu masana, manja akadali onyowa, n'kulowa molunjika m'kachipinda muja. Mabotolo anali ndandanda pa mashelefu, nkhope yawo paliponse.

"Alamu, tinagwirizana mavidiyo awiri patsamba langa. Za botolo tinakambirana liti?"

"Koma ndinakulipirani. Chithunzicho ndi changa tsopano."

"Munalipira mavidiyo. Nkhopeyi simunagule. Mukaifuna pabotolo, mtengo wake ndi wina, miyezi yake tiwerengerane, ndipo sopo wa mkatimo ndiyambe ndamuyesa. Uyu ndiye ayi, ngakhale mutandipatsa nyumbayi. Mawu awa a dontho lililonse ndinanena ine?"

Amuna anga anayamba kufotokoza za ndalama zimene anawononga kosindikiza, kuti akutchukitsa achemwali kwaulere, kuti atsikana ena angavomere ndi botolo limodzi lokha. Munthu amene wakhala zaka zonsezi atawerama pa beseni, chimene ali nacho n'choti azimayi aja amamukhulupirira basi, ndiye wina achithire m'botolo n'kumagulitsa ngati chake?

"Pitani kwa atsikanawo," anatero achemwali. "Koma ine pamabotolowa ndichokapo."

Sanakweze mawu. Anakoka kampando, n'kutenga botolo limodzi, n'kuyamba kukanda pepala lija ndi chikhadabo. Guluu wake anali wolimba, pepala linkangong'ambika tizidutswa. Anamaliza limodzi, n'kutenga lachiwiri. Amuna anga anaima pakhomo manja m'chiuno, akudikira kuti atope. Sawadziwa achemwali anga.

Ine ndinapita kukhitchini, n'kutereka madzi. Ndinabwera nawo m'beseni lalikulu, ofunda bwino, n'kukhala pansi pafupi ndi achemwali. Pepala likanyowa limamatuka lonse bwinobwino, nkhope osang'ambika.

"Amayi a mwana, nanunso?" anafunsa amuna anga, mawu atatsika. "Sopoyu ndi amene amakudyetsanitu."

Ndinkadziwa kuti n'zoona, ndipo mantha ndinali nawo, chifukwa mwezi umenewo lendi inkayembekezera mabotolo omwewa. Koma sindinadzuke.

"Sopo wanu ali momwemo, sitinataye ngakhale dontho," ndinatero. "Tangotipatsirani mabotolo a pashelefu yapamwambayo, ife sitikufikira."