Mpando wa a Chokochatha m'Mutu Wachisanu

A Chokochatha anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu osaiwala aliyense amene anawalakwira. Woyamba pamndandandawo anali wachiwiri kwa ahedi, amene ananyamula mpando wawo wa khushoni m'chipinda cha aphunzitsi n'kukauika mu ofesi mwake ngati anabadwa nawo.

Paukalamba anayamba digiri yachiwiri, n'kufufuza chimene chimachedwetsa ana kusukulu. M'mutu wachinayi anapeza zitatu: mtunda, ntchito za m'mawa kunyumba, ndi belu losamveka. Unatsala mutu wachisanu, woomba mkota ndi kupereka malangizo. Ukanapanda kusainidwa pofika Lachisanu, gauni ya omaliza digiri akanaivala chaka chinacho, pamene akazi awo anali atasoketsa kale diresi.

Woyang'anira kafukufukuyo anali dokotala wa zamaphunziro, wamkazi, amene iwo anamugwaditsapo ali mwana chifukwa cholephera kugawa. Dziko lake ndi limeneli: ukamuphunzitsa munthu kugwira cholembera, amadzakulemba nacho mizere yofiira.

"Aphunzitsi," anatero dokotalayo, "langizo lachinayili likuti wachiwiri kwa ahedi abweze mpando. Zachokera patsamba liti la mutu wachinayi?"

"Zachokera m'msana mwangamu, mwanawe."

"Msana wanuwo unayankha nawo mafunso a kafukufuku? Nanga tebulo la manambala ili, la masiku amene mwakhalira pabenchi?"

"Ndi umboni. Ndinawerenga ndekha."

"Umboni watsopano sulowa muno. Mutuwu umangoyankha mafunso amene munafunsa m'mutu woyamba, ndipo langizo lililonse lizikhala ndi kholo lake m'zimene munapeza. Ili ndi lamasiye."

"Iwe, unkalira ndi magawo, lero ukundiphunzitsa za ana amasiye?"

"Munkatiuza nokha kuti yankho lopanda njira ndi lobera. Fufutani, apo ayi sindisaina."

Kunyumba akazi awo anangopachika diresi lija pachitseko. A Chokochatha anafufuta tebulo lija akutukwana chamumtima. Anasiya malangizo atatu: makomiti a sukulu akambirane ndi makolo za ntchito za m'mawa, ahedi agule belu lomveka, akuluakulu a maphunziro aganizire ana ochokera kutali. Kenako anaona kachigawo kotsiriza, kotchula zofunika kufufuzidwa mtsogolo. Anamwetulira koyamba chaka chimenecho, n'kulemba kuti kafukufukuyu anaona za ana okha, choncho ena adzafufuze ngati kusowa kwa mipando kumachedwetsanso aphunzitsi.

Dokotala anawerenga kawiri, n'kupukusa mutu. "Ili ndi funso, si umboni. Lapulumuka." Anasaina.

Gauni inavalidwa, diresi linaonekera. Patapita chaka, wachiwiri uja nayenso anayamba digiri, ndipo posowa chofufuza anapeza funso lija mulaibulale. Anabwera kwa a Chokochatha ndi pepala la mafunso, atanyamulanso mpando uja kuti woyankhayo akhale bwino.

A Chokochatha anakhalapo, nayankha funso limodzi patsiku. Anali mafunso makumi anayi.