Pepala la a Yoram Chisi

A Yoram Chisi a ku Edingeni anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri pa dipi yosambitsira ng'ombe, mpaka ntchitoyo inatha mu 1982. Anali mkulu wa mpingo wolankhula motsitsa, wa ana asanu ndi mmodzi ndi kamunda kotopa. Ndinawadziwa chaka chotsatira, ndili kalaliki pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi malire a Kasungu.

Tinkafuna kapitawo woyang'anira matenanti. Bwana wathu, a Stafford, anakhoma chidziwitso ku Mzimba boma: tikufuna munthu wodziwa kulankhula ndi anthu komanso wotha kuthetsa mavuto. Basi. Anthu ake ati, mavuto ake ati, osanena.

Mapepala ofunsira ntchito anabwera makumi atatu, ndipo wowasanthula ndinali ine. Ambiri anatayipidwa ndi munthu mmodzi pa boma, mawu ake omwewo: "Ndimadziwa kulankhula ndi anthu, ndimatha kuthetsa mavuto." Ndinanyansidwa. Kutibwezera mawu athu omwe ndiye umboni?

Pepala la a Yoram linali lolembedwa pamanja, zaka ndi ntchito zokha. Koma pa 1979 panalembedwa kuti paipi ya madzi a pa dipi itasweka, midzi inayi inagawana masiku otunga madzi pa ngolo, ndipo ng'ombe sizinaphonye dipi kwa miyezi itatu. Pansi pake: kumasulira alimi malangizo a katemera m'Chitumbuka. Ndinadula mizere ndi pensulo, n'kupita nalo kwa bwana.

"Bwana, umboni ndi uwu. Vuto lilipo, chochita chilipo, zotsatira zilipo."

"Koma sanalembe kuti anachita ndi iwo," anatero a Stafford. Apo sananame. Ndinachonderera mpaka anavomera kuwaitana.

A Yoram anabwera pa njinga, atavala jekete la ku tchalitchi, khadi la chipani lili m'thumba.

"Anagwirizanitsa midzi inayi ija ndani?" anafunsa a Stafford.

"Tinathandizana waka, bwana," anayankha a Yoram, akusakaniza ndi Chitumbuka.

"Inuyo munachitapo chiyani?"

"Ine mbwenu ndinalipo chabe. Mafumu ndi amene anagwira ntchito chomene."

Ndinalakalaka kuwaponda phazi pansi pa tebulo. Mlamu wanga wa ku Edingeni komweko anali atandiuza kuti a Yoram anayenda khomo ndi khomo masabata awiri, mpaka kukhazika pamodzi mafumu awiri amene sankapatsana moni. Koma kwawoko munthu wolemekezeka sadzitchula pa zabwino, amadikira kuti ena amutchule. Nditati ndiwatchule ine, bwana anati kalaliki safunsidwa.

Ntchito inapita kwa mmodzi wa otayipitsa aja. Kalata yowakana a Yoram ndinatayipa ine ndi manja angawa, yonena kuti sanaonetse luso lolankhula ndi anthu. Ndinawapatsa pakhonde. Anailandira ndi manja awiri, naiwerenga mpaka pansi.

"Yewo, mama," anatero. "Mundipepesereko kwa bwana, ndawatayitsa nthawi."